Getsi la Pakanjira ka Filipa

Mikodzo ya munthu mmodzi imauma ndi dzuwa, fungo lake nkutha. Ya anthu a minibasi yathunthu, madzulo alionse, siuma ayi. Imalowa m'njerwa, imakwera khoma, imakutsata mpaka m'mbale yomwe ukudyera. Filipa ankalidziwa fungo limeneli kuposa mmene ankadziwira fungo la sopo wake, ndipo m'mawa uliwonse akatsegula zenera ankayamba walavula asanapemphere.

Nyumba yake inali kumapeto kwa tauni ya Milange, pamene msewu wa ku Majaua umayambira fumbi. Kutsogolo kwake kunali bwalo lopanda mwini, pomwe mashapa, maminibasi a kuno, ankaima komaliza kukweza matumba asanalowe kumidzi. Pakati pa khoma la nyumba yake ndi khoma la nyumba yosungiramo nandolo panali kanjira kopapatiza kotsetsereka, ndipo kumunsi kwake, pamene kanjirako kankakhotera, panali chitsime. Chitsimecho anakumba ndi malemu bambo ake. Mabanja a kumunsiko ankatunga pomwepo, ndipo madzi ake ndi omwe Jéssica, mwana wake, ankaphikira phala la khanda lake.

Tsono kanjira kameneka ndi komwe anthu apaulendo anakasandutsa chimbudzi. Akanakhala madzi okha bwenzi munthu akungotukwana nkuiwala, koma ena ankasiya ndi katundu wolemera, nkuphimba ndi chitsononkho ngati achita ulemu. M'chilimwe zonsezi zinkangouma pomwepo. Koma mwezi wa Novembala unali utakwana, mitambo itayamba kuunjikana pa phiri la Tumbine, ndipo Filipa sankafuna munthu womuuza komwe madzi a mvula yoyamba adzathamangire akadzatsuka kanjirako.

Anayesa zambiri. Analemba pakhoma m'Chipwitikizi kuti nkoletsedwa, anthu nkumalunjika pa zilembo zomwezo. Anaika minga, amayi a kumunsi nkudandaula kuti ana akubayidwa popita kusukulu. Kutseka sakanatseka, njira inali ya anthu. Mwamuna wake Dionísio, yemwe ankagwira ntchito ku Mocuba, ankangoti pafoni, “Tidzaona ndikadzabwera.” Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Filipa anagula getsi lowala ngati la pabwalo la mpira, ndi kabokosi koliyatsa lokha kukada. Ankadalira chinthu chimodzi: kuti munthu wamkulu sangamasule lamba poyera.

Amene anamangirira zonsezi anali mlamu wake Sidónio, mng'ono wa Dionísio, dalaivala wa shapa ya ku Majaua, munthu woti chilichonse amati amachidziwa. Getsi analiika pambali pa nyumba kuti liziunika kanjira, kabokosi kaja anakakhoma kumaso, pansanamira ya khonde, diso lake loonera kuwala litapenya kumsewu. Masiku oyamba zinayenda. Kenako getsi linayamba misala. Njinga yamoto ikadutsa, thima. Kukang'anima ku Tumbine, thima, kenako nkuyakanso. Fungo lomwe linali litayamba kuchepa linabwerera ndi abale ake.

Filipa ankayesa kuti anamugulitsa chinthu chakufa, mpaka madzulo ena ali pakhonde kusenda chinangwa. Shapa inafika mdima utangoyamba. M'malo moima chopingasa monga zimaimira zinzake, inakhota nkulozetsa mphuno kunyumba yake, nyali zonse zili ngwee. Getsi la pakanjira linathima nthawi yomweyo. Kondakitala anatsegula chitseko nkufuula mokondwa:

“Chimbudzi chatsegulidwa! Amene akufuna apite pano, ku Majaua nkutali!”

Anthu anatsika mwadongosolo, amuna kaye, amayi pambuyo. Nyali za galimoto zinkawala kumaso kwa nyumba kokha, kanjira kali mumthunzi wa khoma, bii. Filipa anaimirira mpeni uli m'manja, natchinga maso ndi chikhatho kuti aone dalaivala. Anali Sidónio, akutafuna chimanga chootcha.

“Alamu! Ndinu?”

“Ee, alamu anga, mwaswera bwanji?” anayankha akuseka. “Musakwiye. Ine ndinangozindikira mwangozi tsiku lina. Kanthu kanu aka nkopusa, kakaona nyali kamayesa kwacha.”

“Ndiye mwaphunzitsa ndi anzanu omwe?”

“Epa, nkhani yabwino siibisika. Anthuwa ndi makasitomala, alamu. Chimbudzi cha kumsika amatseka dzuwa likamalowa. Ndiwatengere kuti, andinyowetsere mipando?”

“Madzi a chitsime chija inuyo simumwa?”

“Dothi limasefa,” anatero Sidónio, nataya chitsononkho pawindo.

Filipa anamuyang'anitsitsa. Munthu ameneyu Lamulungu lililonse ankadya pakhomo pake, nkumayamikira kuti madzi a pano ndi ozizira kuposa a m'firiji. Chakudya cha madzulo amenewo Filipa sanachikhudze.

Kutacha anaitana Inês, mwana wa mnzake wa kutchalitchi, yemwe anaphunzira zamagetsi ku Quelimane ndipo tsopano ankayenda m'nyumba za anthu ndi chikwama cha zida kumbuyo kwa njinga. Inês anafika chakumadzulo, analowa m'kanjira, natulukamo msanga atagwira mphuno ndi kolala ya malaya.

“Titiya, mumagona bwanji?” anafunsa, pomutchula azakhali m'Chipwitikizi.

“Ndani wakuuza kuti ndimagona? Tandionere chinthu ichi. Ngati chili chakufa ndikachiponye kumaso kwa amene anandigulitsa.”

Inês anatsitsa kaye magetsi a nyumba yonse, nakwera pampando, nachotsa chivundikiro cha kabokosi. M'kati munali timagudumu tiwiri tating'ono topotokola ndi sikuludiraiva. Kena kanali ndi chithunzi cha dzuwa mbali ina ndi mwezi mbali inayo. Kanzake kanali ndi manambala.

“Sichakufa, titiya. Aka ka dzuwa ndi mwezi kamanena kuti kude bwanji kuti getsi liyake. Aka kenaka ndi kodikira. Kamauza kabokosi kuti ukaona kuwala usafulumire kukhulupirira, yamba wadikira uone ngati kukhalitse. Amene anaika anakasiya poyambirira penipeni, pamene timayesera pomanga. Ndiye chilichonse chowala chikangodutsa, iko kamati kwacha.”

“Ndi alamu anga amenewo. Kudziwa zonse.”

Inês anapotokola kodikira kaja mpaka kumapeto, nati pamenepo ndi pafupifupi mphindi ziwiri. Ching'aning'ani sichikhalitsa ngakhale kuphethira kumodzi, galimoto yodutsa imaunika kanthawi kochepa, zonsezo kabokosi kazingozinyalanyaza. Atabwezera magetsi anaphimba diso lija ndi chipewa chake. Getsi silinayake.

“Waononga,” anatero Filipa.

“Dikirani. Kudikira kuja nkwa mbali zonse, poyaka ndi pothima pomwe.”

Anaima choncho, Inês dzanja lili m'mwamba, Filipa akung'ung'udza, mpaka getsi linayaka dzuwa likadalipo. Atachotsa chipewa linakhalanso nthawi yomweyo lisanathime. Ka dzuwa ndi mwezi sanakakhudze mpaka chisisira. Pamene nkhope ya munthu woima kutsidya kwa msewu inayamba kuvuta kuizindikira, Inês anakapotokola pang'onopang'ono kuchokera ku mwezi kupita ku dzuwa, mpaka kanyali kofiira ka m'kabokosi kanayaka. Anasiyira pomwepo, nati kuyambira lero mdima wa msinkhu umenewu ndiwo uziyatsa getsi.

Madzulo amenewo ku Tumbine kunang'anima kangapo, getsi osagwedezeka. Zinadutsa njinga zamoto, inadutsa lole ya nandolo, getsi lili chiyakire. Shapa ina inalozetsa mphuno, inaunika pang'ono, dalaivala nkutopa nkumapita. Filipa anadya bwino, mpaka anaimbira Dionísio kumuuza kuti zija ankati adzaona zaoneka kale. Anaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mawa lake madzulo inafika shapa ya Sidónio. Inalozetsa mphuno, nyali ngwee, getsi osathima. Sidónio sanatekeseke. Anasiya injini ikulira, natsamira pampando. Madalaivala amadikira tsiku lonse pachipata cha m'malire ku Muloza, ndiye mphindi ziwiri nchiyani kwa iwo? Kondakitala anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, apaulendo nkumavomera, ndipo asanamalize ndime yachiwiri getsi linathima. Anthu anaomba m'manja. Mayi wina analuluta.

Filipa anaima pakhonde manja ali m'chiuno, akuona anthu akuluakulu, ena a imvi, ena atanyamula Mabaibulo m'manja, akulowa m'kanjira mwake mmodzimmodzi. Mawu onse amene anali nawo anali oti munthu wopita ku misa sangawatchule.

Inês atabweranso, Filipa anali ataganiza kale zochita.

“Mata diso limenelo ndi tepi yakuda. Lisaonenso kanthu.”

“Likapanda kuona liziyesa ndi usiku nthawi zonse, titiya. Getsi liziyaka usana wonse, mayunitsi anu azithera kuunikira dzuwa.”

“Nanga ukapotokola ka dzuwa kaja mpaka kumapeto?”

“Liziyaka masana kukangochita mitambo, m'mawa lizichedwa kuthima. Ndipo shapa ikayandikira chonchija, nyali zake zikhozabe kuligonjetsa. Vuto latsala si timagudumu. Diso lili pamalo olakwika. Tsiku lija ndinaganiza za magalimoto odutsa, sindinaganize za munthu woima dala.”

“Ukanawadziwa alamu anga ukanaganiza.”

Anabwereka makwerero kunyumba ya nandolo. Inês anatsitsanso magetsi, anamasula kabokosi pansanamira, nawonjezera waya nkukakakhoma pamwamba pa khoma la kuseri, komwe nyali ya galimoto singafike. Chisisira chitafika getsi linayaka bwinobwino. Patapita kanthawi linathima. Linayakanso, nkuthimanso, popanda galimoto kapena ching'aning'ani.

“Tsopano lalodzedwa,” anatero Filipa.

Inês anayang'ana uku ndi uku, kenako anadzimenya pachipumi. Khoma la nyumba ya nandolo linali lopaka laimu, loyera mbee. Getsi likayaka, kuwala kunkagunda khomalo nkubwerera m'diso muja, kabokosi nkudikira mphindi zake ziwiri nkunena kuti kwacha. Likathima kankaonanso mdima nkuliyatsa. Getsi linkadzithimitsa lokha.

M'mawa mwake anakasamutsanso. Ulendo uno anakakweza pamwamba pa denga, kuseri kwa msonga, kupenya kuthambo la mbali ya minda komwe kulibe msewu kapena nyumba yoyera. Anadula kachidutswa ka paipi yakuda nkukaveka mozungulira diso, kachipewa kotchinga kumbali ndi pansi, kuti lizingoona kumwamba kokha. Popeza kachipewa kanachepetsa kuwala kofika m'diso, chisisira anakweranso kukakonza ka dzuwa ndi mwezi kuti getsi lisamafulumire kuyaka. Kenako anapempha mnzake wa njinga yamoto kuti aunike nyumba kuchokera mbali zonse, kwa nthawi yaitali ndithu. Getsi silinaphethire.

“Pronto, zatheka, titiya. Abwere ndi malole khumi, aunike mpaka mafuta athe. Limeneli lizithima dzuwa likatuluka basi.”

Filipa anamugwira dzanja ndi manja awiri. Tsiku lotsatira analitha ndi fosholo. Anamanga nsalu pamphuno, navala majumbo m'manja, napala zouma zonse za m'kanjira nkukazikwirira kutali kuthengo. Anasanza kawiri. Zolowa m'dothi sakanazichotsa, koma anawaza phulusa ndi laimu, naunjika kamzere ka dothi kumtunda kwa chitsime kuti madzi akadzabwera adzapatuke. Anati mumtima mwake, kanjira kakangouma masabata awiri opanda chowonjezera, chitsime chapulumuka.

Madzulo ake kunja kunali chifundizi, mphepo itaima, mitambo yakuda itatsikira mpaka pakati pa Tumbine. Getsi linayaka pa nthawi yake. Filipa anatulutsa mpando nkukhala pakona ya nyumba, pomwe ankaona bwalo ndi kanjira komwe. Ankafuna aone nkhope ya mlamu wake.

Shapa ya Sidónio inafika itadzaza mpaka pakhomo, ina ili pambuyo pake. Zonse ziwiri zinalozetsa mphuno. Kondakitala anayambitsa nyimbo ija. Anaimba ndime yoyamba, yachiwiri, yachitatu, nkubwereza yoyamba. Kunang'anima kwambiri mpaka bwalo lonse linayera, bingu nkugunda. Getsi linali chiyakire. Nyimbo inayamba kuzilala, otsiriza kuimba nkusiyira pakati.

Sidónio anatsika, nayang'ana pansanamira pomwe panatsala mabowo awiri a misomali. Anayang'ana kudenga, nayang'ana mlamu wake.

“Alamu, mwatichita chipongwe.”

“Chimbudzi chatsekedwa, alamu,” anatero Filipa, ndipo mawuwo anamukomera m'kamwa ngati uchi.

Anthu anali atatsika kale, ataima chagulu pakamwa pa kanjira, akupondaponda. Kanjira kanali mbee, kosesedwa, njerwa iliyonse ikuoneka. Ankayang'anana. Kenako bambo wina wa jekete, wamkulu ndithu, woti kwawo amamupatsa mpando, anatsokomola, napereka chikwama chake kwa mnzake. Anadutsa pafupi ndi Filipa, nalowa mpaka pansi penipeni pa getsi, natembenukira kukhoma.

Filipa anayesa kuti maso akumunamiza. Anamva mkokomo wa mikodzo pa njerwa.

Wachiwiri anatsatira, wachitatu, kenako onse. Amene anachita manyazi pang'ono anangoweramitsa mutu. Amayi anatsikira kumunsi, kufupi ndi chitsime, awiri atatambasula chitenje kutchinga anzawo, ndipo mapazi awo anafafaniza kamzere ka dothi kaja. Wina anapita ndi pepala m'manja. Miyezi yonse ija Filipa ankayesa kuti anthuwa amabwera chifukwa cha mdima. Mdima unangowaonetsa malo. Tsopano malowo anali atawazolowera, ndipo manyazi anali atatha kalekale iye akulimbana ndi timagudumu.

“Anthu inu! Pali chitsime apo! Ana amamwa madzi amenewo!” Anakuwa mpaka mawu anasasa. Ena anatembenuka kumuyang'ana ngati wamisala wa pamsika. Sidónio anali atabwerera m'galimoto, akuyang'ana foni.

Bambo wa jekete uja anatuluka akukonza lamba. Atafika pa Filipa anaima, navula chipewa mwaulemu wonse.

“Zikomo kwambiri, mayi, chifukwa cha getsili. Kale timaponda zoipa muno. Lero ndiye tikuona poponda.”

Ananena ndi mtima woona, ndipo ndi chimene chinamunyansa Filipa kuposa zonse. Akanamutukwana bwenzi atamubwezera.

Madontho oyamba anagwa mashapa akunyamuka, akuluakulu, olemera. Posakhalitsa mvula inakhuthuka. Jéssica anatuluka ndi khanda kumsana kudzaitana mayi ake kuti alowe, koma Filipa sanasunthe. Ching'aning'ani chinkang'amba thambo mobwerezabwereza, getsi osathima ngakhale kamodzi, monga Inês analonjezera. Linaunika bwino lomwe madzi akusonkhana kumtunda kwa kanjira, akutsuka khoma, akutenga phulusa, laimu, mapepala ndi zonse za madzulo amenewo, achikasu, a thovu. Linawaunika akudutsa pomwe panali kamzere ka dothi, akuzungulira pakamwa pa chitsime, akupeza mng'alu wa pansi pa njerwa nkumalowa.

“Amayi, madzi a phala la mawa ndikatunge pano kuchitsime?” anafunsa Jéssica, yemwe kuchokera pakhomo sankaona kumunsi.

“Tenga mabeseni utchere padenga.”

Filipa analowa m'nyumba, natuluka ndi hamala, misomali ndi malata awiri otsala pomanga khitchini. Anatsika kanjira kaja madzi akumudutsa m'mapazi, osayang'ana chomwe akuponda. Anayala malata pakamwa pa chitsime cha bambo ake nkuyamba kukhomera pa matabwa a m'mbali. Mayi wina wa kumunsi, yemwe ankabwera ndi ndowa atafunda jumbo kumutu, anaima nkufunsa kuti nanga ife tizitunga kuti.

“Kulikonse, amayi,” anatero Filipa, msomali wina uli pakamwa. “Koma muno ayi.”